Makatiriji otha ndi mapulinta akufa: zodzazitsa, zogulitsa ndi zosayenera kuwotchedwa

Funso: "Ndimayang'anira ofesi ya sukulu ina yomwe si yaboma ku Eriya 25. M'chipinda chathu chosungiramo katundu mwadzaza makatiriji otha pafupifupi 60, ambiri ndi a 85A, ndipo mulinso mapulinta ang'onoang'ono atatu ndi makina a fotokope amodzi amene anasiya kugwira ntchito. Alonda akuti tingoziwotcha kudzala, pomwe mnyamata wina wogula zitsulo akuti azitenga ulere. Kodi njira yoyenera ndi iti?" (Mayi wa ku Eriya 25)

Zikomo Mayi. Alondawo muwauze kuti za moto aiwale, ndipo mnyamatayo ayambe wadikira kufikira mutadziwa bwinobwino chimene mukumupatsa. Katundu ameneyu si wamtundu umodzi. Wina akhoza kubwereranso pa ntchito sabata yomwe ino, wina ali ndi mtengo kwa amisiri, wina wasunga zinsinsi za sukulu yanu, ndipo ndi wochepa chabe amene alidi zinyalala. Vuto ndi loti wochepayo ndiye woopsa, ndiponso ndi amene wogula zitsulo aliyense amakataya m'ngalande akangochotsako zimene akufuna. Choncho ntchito yaikulu ndi yosankhula, ndipo iyenera kuchitikira pa ofesi panu, katunduyo asanatuluke pageti.

Ndiyambe ndi za moto, poti ndi zimene zimachitika kawirikawiri m'masukulu ndi m'maofesi mu Lilongwe muno. Tona imene imalemba papepala si inki youma ayi, koma ndi ufa wosalala kwambiri wa pulasitiki wosakaniza ndi utoto, ndipo m'makatiriji a mtundu wa 85A mumakhalanso chitsulo chopera kuti ufawo uzikokedwa ndi maginito. Timbewu take n'tating'ono zedi, moti mutatindandalika 100 sitingapitirire milimita imodzi. Katiriji imene pulinta yanena kuti yatha imakhala idakali ndi tona yotsalira m'makona, komanso ili ndi kachipinda kena kamene kamalandira tona yonse yopalidwa pa diramu, kachubu kojambula zilembo, chiyambireni kugwira ntchito. Mukaiponya pamoto, pulasitiki yakunja imasungunuka n'kuphulika pang'ono, ufa uja umamwazikira m'malawi, ndipo umayaka nthawi imodzi monga mmene ufa wa chimanga umalilimira munthu akauwaza pamoto. N'chifukwa chake opanga makatiriji amalemba pakatoni chenjezo loletsa kuiponya pamoto. Munthu amene waima pafupi ndi dzala akukoleza ndi ndodo akhoza kupsa nkhope ndi manja.

Utsi wake nawo si wamasewera. Pulasitiki ya mapulinta ambiri imathiridwa mankhwala oletsa kuyaka msanga, nthambo zamagetsi zimakutidwa ndi pulasitiki ya PVC, ndipo zinthu ziwirizi zikamanyeka pamoto wapadzala, womwe sutentha mokwanira, zimatulutsa poizoni amene amatsalira m'phulusa ndi m'nthaka kwa zaka zambiri. Mabodi amagetsi a m'kati mwa makina opangidwa chaka cha 2006 chisanafike nthawi zambiri anawotcheredwa ndi mtovu. Dzala la pasukulu limakhala pafupi ndi pamene ana amasewera, ndipo mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala phulusalo limakokoloka kupita m'madimba ndi m'zitsime za anthu oyandikana nanu. Kuziika m'bini ya khonsolo sikuthetsa nkhaniyi, chifukwa zimangokathera kumtaya wa ku Eriya 38 zitasakanikirana ndi zinyalala za m'khitchini, ndipo makatiriji amaphwanyika akapsinjidwa m'galimoto.

Tsopano tibwere ku makatiriji aja, pakuti apa ndi pamene pali phindu lalikulu. Katiriji ya 85A, imene pabokosi imalembedwa kuti CE285A, inapangidwa kuti isindikize masamba pafupifupi 1,600 a kalata wamba, kutanthauza marimu atatu a mapepala ndi pang'ono. Tona ikatha sindiye kuti zipangizo zam'kati zatha. Muli diramu, kachubu kobiriwira kapena kabuluu kamene kamajambula zilembo. Muli kampeni ka labala kopalira tona yotsala pa diramulo. Muli rola ya maginito yonyamula tona. Muli rola ina yakuda yopereka mphamvu yamagetsi ku diramu. Ndipo pambali pali kachipi kowerengera masamba. Pa katiriji yeniyeni ya kufakitale, zipangizo zimenezi zimatha kupirira kudzazidwa kawiri kapena katatu diramu lisanafune kusinthidwa, ndipo chikhokhombe chakecho chimapitirira pamenepo ngati mmisiri akusintha diramu ndi chopalira pa nthawi yake.

Tiwerengere limodzi kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Ofesi imene imamaliza marimu 10 pamwezi imasindikiza masamba 5,000, ndipo amenewa ndi makatiriji atatu pamwezi, kapena 36 pachaka. Ngati katiriji iliyonse itadzazidwanso kawiri isanatayidwe, ofesi yomweyo ingagule makatiriji atsopano 12 okha pachaka, ndipo mulu wa zotaya ungatsike ndi magawo awiri mwa atatu. Palibe njira ina iliyonse yokonzanso zinyalala imene ingafike pamenepo, chifukwa kusungunula pulasitiki kumangobweza kachigawo kochepa ka mtengo wa chinthu, pomwe kudzazanso kumabweza chinthu chonsecho.

Posankhula, yalani manyuzipepala patebulo pamalo amthunzi opita mphepo koma osati pamphepo yamkuntho, valani masiki ndi magolovesi, ndipo muzitenga katiriji imodzi imodzi osaigwedeza kapena kuizondotsa. Choyamba onani chikhokhombe: ngati chasweka, ngati timano tapulasitiki tam'mbali tathyoka, kapena ngati tona ikutuluka m'mizere yolumikizira, imeneyo ipite kumulu wa zakufa. Kenako kankhani kachitseko kotchinga diramu n'kuliyang'ana mwachangu, osalikhudza ndi chala. Diramu labwino limakhala losalala ndi lamtundu umodzi kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Likakhala ndi mikwingwirima yozungulira, kapena utoto wake utaperepeseka m'mphepete mpaka chitsulo choyera kuonekera, ndiye kuti latha, komabe katirijiyo ikhoza kupulumuka poikamo diramu lina. Musalisiye poyera, chifukwa diramu limawonongeka ndi kuwala, ndipo mphindi zochepa padzuwa la masana ndi zokwanira kulipha.

Ngati muli ndi pulinta yamoyo yogwiritsa ntchito katiriji yomweyi, pepala limene yasindikiza limauza zambiri kuposa maso. Kadontho kapena kachizindikiro kobwerezabwereza pa mtunda wa mamilimita 75 kutsika ndi tsamba kamasonyeza bala pa diramu, poti umenewo ndiwo mtunda umene diramu la katiriji imeneyi limayenda likazungulira kamodzi, ndipo mukhoza kuyeza ndi rula ya mwana wasukulu. Mzere wakuda wopyapyala woyambira pamwamba mpaka pansi umachokera ku chopalira chimene chakumbika kapena ku diramu lokalika. Tsamba lonse likamatuluka lotuwa ngati lapakidwa phulusa, kawirikawiri rola yamagetsi ija yada kapena mmisiri wam'mbuyo anathiramo tona yosayenera. Madontho akuluakulu omwazika mosatsata dongosolo amatanthauza kuti kachipinda ka tona yotayika kadzaza n'kuyamba kusefukira. Zonsezi ndi zokonzeka, ndipo mukalemba vutolo pakapepala n'kumata pa katiriji mumamuthandiza mmisiri, komanso mumadziteteza kuti asakulipiritseni zipangizo zimene sizinafunike.

Pa makatiriji ngati anuwa, amene akhala nthawi yaitali, chimene chimawononga ambiri si pulinta koma chipinda chosungiramo. Chipinda chamalata chopanda siling'i chimatentha kwambiri mu Okutobala, ndipo tona, pokhala pulasitiki yopangidwa kuti izisungunuka, imagwirana n'kukhala zibuma zimene zimamatirira pa rola. Chinyezi cha dzinja chimachitanso zomwezo. Makatiriji oponyedwa mumulu popanda thumba amakandana madiramu, ndipo fumbi ndi mphemvu zimalowa. Musadabwe tsono ngati mwa 60 aja mutapezeka kuti gawo lalikulu ndi lofunika diramu latsopano. Kuyambira lero, katiriji ikangotha izibwezedwa m'thumba lakuda limene munatulukamo yatsopano, igonekedwe chopingasa m'katoni, ndipo ipite kodzazitsa mwezi usanathe.

Za amisiri odzaza makatiriji, amene ndi ambiri m'mashopu a ku Old Town ndi ku Eriya 3, ndili ndi mawu owawa pang'ono. Alipo amene amangoboola chikhokhombe ndi chitsulo chamoto, n'kuthiramo tona, n'kumata selotepi. Katiriji yotere imasindikiza bwino masiku ochepa, kenako imayamba kutayira tona m'pulinta, chifukwa kachipinda ka tona yotayika sikanakhuthulidwe. Mmisiri wodziwa ntchito amaphwasula katiriji pakati, amakhuthula tona yakale, amapukuta marola, amathira tona yoyenera mtundu umenewo yokwana magalamu pafupifupi 80, amasintha kachipi ngati mukufuna kuti pulinta iziwerenga bwino tona yotsala, ndipo amasindikiza tsamba loyesera inu mukuona. Funso limene limasiyanitsa amisiri awiriwa ndi lakuti tona yokhuthulidwayo amaiika kuti. Amene akukuonetsani chigubu chotseka bwino ndi woti mugwire naye ntchito. Amene amakaikung'unthira kuseri kwa shopu kapena m'ngalande yopita mumtsinje wa Lilongwe wangosamutsa vuto lanu kuchoka ku Eriya 25 kupita pakati pa tauni.

Simungathe kugwiritsa ntchito makatiriji onse abwino nokha, choncho sungani okwanira kuzungulira, mwina asanu ndi limodzi pa pulinta iliyonse, ndipo otsalawo muwagulitse kwa odzaza omwewo. Amene sanadzazidwepo ndiwo amagulidwa bwino. Koma makatoni ake musawapereke ali athunthu. Anthu opanga makatiriji achinyengo amafunafuna makatoni enieni okhala ndi chizindikiro chonyezimira chija, amaikamo katiriji yodzazidwa mwachisawawa, n'kuigulitsa pamtengo wa yatsopano, ndipo wogula wake akhoza kudzakhala inu nomwe. Ng'ambani chizindikirocho, phwasulani katoniyo, kenako muipereke kwa otolera mapepala. Makampani opanga mapulinta ali ndi ndondomeko zolandiranso makatiriji otha, mwachitsanzo ya HP yotchedwa Planet Partners imene inayamba mu 1991, koma zimayenda kudzera mwa ogulitsa ovomerezeka ndipo zimalandira makatiriji enieni okha amene sanadzazidwepo. Afunseni amene amakugulitsani ngati amatolera, musanasankhe zogulitsa ndi zobweza.

Tona ikatayikira pansi pa nthawi yosankhulayi, musasese ndi tsache louma ndipo musakokere m'makina opopera fumbi wamba, chifukwa ufawo umadutsa m'sefa yake n'kubwerera mumpweya, ndiponso ukhoza kuyaka ukafika pa injini yotentha. Pukutani pang'onopang'ono ndi nsanza yonyowa, n'kuika nsanzayo m'thumba. Ikagwera pachovala, kung'unthani kaye panja kenako muchape ndi madzi ozizira. Madzi otentha kapena simbi zimaisungunula n'kuimatiriza pansalu mpaka kalekale.

Ngati pakati pa makatirijiwo pali ang'onoang'ono a inki yamadzi, nkhani yake ndi yaifupi. Ambiri mwa iwo ali ndi timabowo tolembera pansi pake, ndipo inki ikaumiramo kwa miyezi ingapo sabwereranso. Dindani kunsi kwake pakapepala kofewa konyowa: yakuda yamoyo imasiya mzere umodzi wakuda, yamitundu imasiya mizere itatu. Yosasiya kanthu ipite kumulu wa zakufa, ndipo musaitsukire m'sinki.

Tipite ku mapulinta. Pulinta imene ofesi yailemba kuti yafa nthawi zambiri imakhala ikudwala matenda otchipa. Yoyaka bwino koma yosakoka pepala imangofuna rola yokokera, kachipangizo ka labala kamene kamasalala ndi ukalamba ndipo kamasinthidwa pa mphindi zochepa. Yotulutsa pepala limene zilembo zake zimafufutika mukapaka chala, kapena pepala lokwinyika, ili ndi vuto pa fyuza, mbali yotentha imene imamatiriza tona papepala. Pa mapulinta ang'onoang'ono amtundu wa LaserJet P1102 kawirikawiri chimang'ambika ndi kachikopa kopyapyala kokuta chotenthetsera, ndipo kamagulitsidwa pakokha. Yosayaka n'komwe, makamaka ngati inazima magetsi atabwera mwamphamvu, yapsa bodi yolandira magetsi. Ya inki yamathanki, monga ya Epson, imene ikukana kugwira ntchito n'kulemba uthenga wonena za `ink pad`, sinafe: thonje lomwa inki yotayika ladzaza, ndipo likufunika kusinthidwa. Ena amangofufuta nambala yowerengera osasintha thonjelo, kenako inki imayamba kudontha patebulo.

Njira yanga ndi yoti mmisiri aziyese zonse tsiku limodzi, alembe vuto ndi mtengo wa chilichonse. Ngati mapulinta awiri ali amtundu umodzi, wina wopsa bodi ndi wina wong'ambika fyuza, awiriwo amatulutsa pulinta imodzi yamoyo popanda kugula kanthu. Kukonza kukapitirira theka la mtengo wa pulinta ina yofanana nayo, kapena ngati makatiriji ake sakupezekanso m'tauni, ndi bwino kuisiya. Ndichenjezenso za mphatso: kupereka pulinta yakufa ku sukulu yakumudzi kapena ku tchalitchi si chifundo, chifukwa kumeneko kulibe mmisiri ndipo idzathera m'dzala. Yopereka ikhale yoti yasindikiza tsamba pamaso panu, ili ndi nthambo zake, ndipo katiriji yake ndi yopezeka.

Makina a fotokope ndiwo akufuna chidwi chapadera, ndipo ndi chifukwa chachikulu chimene ndanenera kuti mnyamata uja adikire. Makina akuluakulu ambiri a m'maofesi, aja amene amasindikiza, kukopa ndi kutumiza zikalata pa netiweki, ali ndi hadi disiki m'kati mofanana ndi kompyuta. Mmenemo mukhoza kutsalira zithunzi za zikalata zimene zinadutsapo: mayeso, malipoti a ana, ziphaso zaunzika za makolo, mndandanda wa malipiro a aphunzitsi. Makina akafa, disikiyo siifa nawo, ndipo munthu wodziwa akhoza kuilumikiza ku kompyuta. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo sukulu imene imasunga mbiri ya ana ili ndi udindo pa mbiriyo ngakhale pa tsiku lotaya makina. Makina akanakhala kuti akuyaka, mukanagwiritsa ntchito njira yofufutira disiki imene imapezeka m'gawo la woyang'anira makinawo. Poti anu ndi akufa, mmisiri atsegule kumbuyo, achotse disikiyo inu mukuona, ndipo muitsekere m'kabati ya ofesi kapena aiboole ndi dirilo malo angapo mpaka kudutsa mbale zam'kati. Musanachite zimenezi, onani mapepala ogulira, chifukwa makina ambiri a fotokope amakhala obwereka, ndipo oterowo ayenera kubwerera kwa eni ake mutagwirizana za disikiyo.

Mapulinta ang'onoang'ono alibe disiki, koma aja olumikizika popanda nthambo amasunga dzina ndi pasiwedi ya Wi-Fi ya ofesi, ndipo ena amasunga manambala ndi maadiresi a imelo. Pa yoyaka, sankhani `Restore Factory Defaults` komanso `Restore Network Defaults` kapena mawu ofanana nawo, kenako musindikize tsamba la ndondomeko ya netiweki kuti mutsimikize kuti dzina la netiweki yanu lachoka. Kutsimikizaku si mwambo chabe. Mu 2023 kampani ya Canon inachenjeza kuti mapulinta ake ambiri a inki ankatsalabe ndi zinsinsi za Wi-Fi atafufutidwa kamodzi, ndipo inalangiza kufufuta, kuyatsanso Wi-Fi, n'kufufutanso kachiwiri. Pa pulinta yosayaka, chophweka n'kungosintha pasiwedi ya ofesi.

Makina amene atsimikizika kuti ndi akufa, asanachoke, muchotsemo zinthu zimene zimatayika kapena kusweka panjira. Katiriji ituluke. Pa fotokope pali botolo la tona yotayika, limene liyenera kutsekedwa ndi chivindikiro chake kapena kumatidwa bwino, chifukwa makina akapendekeka pangolo kapena pa kabaza ufawo umakhuthukira ponseponse. Pa bodi yaikulu pamakhala kabatire kozungulira kooneka ngati ndalama yachitsulo, kamene sikayenera kupsa kapena kuphwanyidwa. Chinanso ndi nyale ya pansi pa galasi lokopera. Makina atsopano amagwiritsa ntchito timagetsi ta LED, koma akale ena ali ndi kachubu kagalasi kopyapyala kokhala ndi mekyule pang'ono. Kachubu kameneka kakasweka, mekyuleyo imasanduka mpweya umene munthu amapuma osauona, choncho kachotsedwe kathunthu, kakulungidwe m'katoni yolimba, ndipo kasungidwe padera.

Apa ndi pamene wogula zitsulo amalowa, ndipo sindikumunyoza, chifukwa anthu amenewa ndiwo amabweza chitsulo chambiri pa ntchito mumzinda uno. Chofunika n'kumvetsa zimene iye akufuna. M'makina a fotokope akufunamo chitsulo cha mafupa ake, chimene ndi cholemera, kopa wa m'mainjini ang'onoang'ono ndi m'nthambo, aluminiyamu, ndiponso mabodi. Pulasitiki yakunja, galasi, tona ndi nyale zilibe mtengo kwa iye. Mukamupatsa makina athunthu, adzawaphwanya ndi hamala pabwalo lapafupi, adzawotcha nthambo kuti atulutse kopa, ndipo zotsalazo adzazisiya pomwepo. Mwa njira imeneyi moto umene mwaukana pasukulu udzayaka ndithu, kungoti kuseri kwa mpanda wa munthu wina. Chabwino n'chakuti mmisiri wanu aphwasule makinawo ndi sikuludiraiva, atenge zipangizo zimene zingakonzere makina ena, monga mafyuza, marola, matireyi ndi mabodi amoyo, ndipo mnyamatayo mumugulitse chitsulo choyera chokha pa kilo. Nthambo zamagetsi zabwino zisungeni, poti zimalowa pa makompyuta ndi pa makina ena. Zoduka zimasendedwa ndi mpeni, siziwotchedwa.

Mabodi akufa ndi nkhani ina. Muli kopa ndi golide wochepa kwambiri, koma kuzitulutsa mosavulaza anthu kumafuna ng'anjo zamakono zosefa utsi, monga ya kampani ya Umicore ku Hoboken m'dziko la Belgium, ndipo n'chifukwa chake otolera enieni amawasonkhanitsa n'kuwatumiza kunja. Kudutsitsa zinyalala zotere pamalire kumayendetsedwa ndi pangano la Basel la 1989, limene Malawi ali nawo, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2025 zinyalala zonse zamagetsi zimafuna chilolezo cha dziko lolandira zisananyamuke. Kuno kwathu, lamulo losamalira chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo ndilo limapereka ziphaso kwa onyamula, osunga ndi okonza zinyalala zoopsa. Munthu kapena kampani ikabwera kudzatenga mabodi, tona ndi makatiriji akufa, pemphani kuona chiphaso chimenechi, onani ngati masiku ake sanathe, ndipo funsani kumene katunduyo akathere. Mungathenso kulembera a MEPA kapena nthambi ya zaumoyo ku khonsolo ya mzinda kuti akuuzeni amene ali ndi chilolezo panopa. Kwa owerenga a m'masukulu ndi maofesi aboma, pali sitepe ina patsogolo pa zonsezi: katundu waboma satayidwa kapena kugulitsidwa popanda kutsata malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ndi katayidwe ka katundu waboma, ngakhale atakhala wakufa.

Zikhoza kutenga miyezi kuti wotolera woyenera apezeke, kapena kuti katundu achuluke kufika poti iye n'kubwera. Pa nthawi imeneyi kusunga bwino ndiyo njira yoyenera, ndipo sikufuna malo ambiri mukamaliza kusankhula. Katiriji yakufa iliyonse ilowe m'thumba lapulasitiki lomanga pakamwa, matumbawo aikidwe m'katoni yolimba. Tona yokhuthulidwa, mabotolo a tona yotayika ndi nsanza zopukutira zilowe m'ndowa ya penti ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro chothina. Mabodi akhale m'katoni yawoyawo, mabatire m'kabotolo atamatidwa selotepi mbali zonse ziwiri kuti asagundane. Zonse zikhale pashelefu kapena pamatabwa, osati pasimenti pomwe madzi amalowa nthawi ya mvula, kutali ndi mbaula, jenereta ndi mafuta, m'chipinda chokhoma chimene ana salowamo. Lembani pa chilichonse chimene chili m'kati ndi tsiku, kuti wodzalowa m'malo mwanu asadzatsegule ndowa ija poganiza kuti ndi penti.

Pa tsiku lopereka, lembani m'kaundula wa katundu mtundu ndi nambala ya makina aliwonse, imene ili pakapepala komatidwa kumbuyo pafupi ndi mawu oti `Serial No.`, chiwerengero cha makatiriji, dzina la kampani yotenga ndi nambala ya chiphaso chake, ndipo wotengayo asayine. Chotsaninso zomata zonse zokhala ndi dzina la sukulu, koma mutalemba kale manambalawo. Pomaliza, mukamadzaitanitsa mitengo ya makatiriji a teremu ikubwerayi, ikanimo mfundo yoti wogulitsa azitenga otha pobweretsa atsopano ndipo azipereka risiti yosonyeza chiwerengero chimene watenga. Ogulitsa ambiri savuta kuvomera mfundo imeneyi ikakhala m'pangano kuyambira pachiyambi, chifukwa makatiriji osadzazidwapo ali ndi msika, koma muumirire kuti atenge ndi akufa omwe, osati kusankha abwino okha.